Mphindi Zisanu Zimene Ndinamutseka Pakamwa

"Amayi, anthu a mufoniwo akamalira mumawamva?"

Anafunsa funso limeneli ndi mwana wa aneba anga, ali ndi zaka zisanu, tsiku lina mayi ake akupukuta galasi la foni asanayambe malonda. Tinaseka tonse awiri. Mayi akewo anati anthu a mufoni salira, amangofunsa mitengo n'kuthawa. Mwanayo anapita kukasewera, ife n'kuiwala. Funsolo linandibwerera patatha chaka chathunthu, Loweruka lina masana, ndipo tsiku limenelo sindinaseke.

Ine ndine telala. Ndimakhala nyumba yogundizana ndi ya mayi amene pa TikTok amatchedwa Anti a Sopo. Khonde lathu ndi limodzi, mpopi ndi umodzi, chingwe choyanikira zovala ndi chimodzinso. Iwo anagwirapo ntchito yokolopa m'zipinda za hotela kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ntchitoyo itatha anayamba kugulitsa zoyeretsera m'nyumba: sopo wamadzi, bulitchi, ndi mankhwala ena amphamvu ochotsa dzimbiri ndi chikasu cha m'zimbudzi, amene iwo amangowatchula kuti Mkulu. Amagula m'zigubu zikuluzikulu n'kumatsanulira m'mabotolo amene munali madzi akumwa. Pabotolopo sipalembedwa kanthu. Bulitchi amamudziwa ndi chivindikiro choyera, Mkulu ndi chofiira.

Loweruka lililonse masana amapita layivu, anthu n'kumawaonera pafoni nthawi yomweyo. Siteji yawo ndi pakhonde pomwepo: mbale ya chimbudzi yothyoka imene anaitola kwa ogula zitsulo zakale, matailosi asanu ndi limodzi achikasu otsamira khoma, ndowa ya madzi, ndi foni yoimika pa kamtengo ka miyendo itatu. Amathira Mkulu pa tailosi, n'kudikira pang'ono, n'kupukuta, theka likuyera ngati mano a khanda, theka lili chikhalire. Anthu amalemba mafunso, iwo n'kumayankha pomwepo.

Koma munthu sangakweche chimbudzi n'kumawerenganso makomenti amene akuthamanga ngati nyerere. Ndiye anandiika ine kukhala modareta. Ndimakhala pa mpando wa makina anga, kumene kamera sifika, foni yanga ili m'manja, mawu ake nditatsitsa, chifukwa zimene aneba alankhula pakhonde zimafika m'foni patapita masekondi angapo ndipo zimasokoneza mutu. Ntchito yanga ndi kuwerenga mokweza mafunso a ogula, kupina nambala yopangira maoda kuti izikhala pamwamba, ndi kutseka pakamwa amwano. Umadina dzina la munthuyo, n'kusankha nthawi: masekondi, mphindi imodzi, mphindi zisanu, kaya layivu yonse. Munthuyo amakhala akuona ndi kumva zonse, koma sangalembe kanthu.

Amwano analipo ndithu. Masabata awiri m'mbuyomo kunabwera gulu la anthu opanda zithunzi, onse akulemba zofanana: mankhwala awa anandiwotcha manja, mankhwala awa ndi poizoni, musagule. Tinaganiza kuti atumidwa ndi wina wogulitsa zomwezi. Tsikulo oonera anatsika kuchoka pa zana kufika pa makumi atatu, ndipo aneba anagona osadya. M'mawa mwake tinagwirizana kuti aliyense wobwereza mawu oipitsa malonda katatu ndizimutseka pakamwa osafunsa.

Loweruka limenelo tinayamba bwino. Oonera anali pafupifupi zana limodzi ndi makumi awiri.

"Aneba, akuti chiyani makasitomala anga?" anandifunsa, manja ali m'magolovesi achikasu.

"Awa akufunsa ngati Mkulu amachotsa dzimbiri la pasinki."

"Amachotsa, mayi. Thirani pang'ono, werengani mpaka makumi asanu ndi limodzi, tsukuluzani ndi madzi ambiri. Musamusiye agone pamenepo, si mlendo."

"Awa akuti kodi amachotsanso mwamuna waulesi pasofa?"

"Ameneyo ndi wa chigubu chachikulu, sitinayambe kuoda."

Mitima inakwera pasikirini mbwee, anthu akudina moseka. Pakati pa makomentiwo panadutsa dzina limene ndinali nditaliona kawiri kapena katatu masabata apitawo: Mtima Pansi. Chithunzi chake chinali kansapato ka mwana. Analemba kuti, "Anti ndalandira dzulo. Ndikukwecha nanu limodzi, apongozi akubwera mawa." Ndinawerenga mokweza, aneba n'kunena kuti, "Kwechani mwanawe, apongozi amayamba kuyendera bafa asanapereke moni." Zinathera pomwepo. Kunabwera mafunso a mitengo, a kakulidwe ka mabotolo, a tsiku lobweretsa katundu, ine n'kumathamanga nawo.

Patapita nthawi ndinaona mawu akuti, "Mankhwalawa akutsamwitsa." Sindinayang'ane dzina. Komenti inakwera n'kupita. Kenaka inabweranso: "akutsamwitsa anti." Mtima wanga unati, abwera aja. Kachitatu inabwera yolembedwa mokhotakhota, zilembo zitasokonekera: "maso akuwwa ndikutsamwa." Ndinadina dzinalo, n'kusankha mphindi zisanu. Chala changa chinachita zimenezi mwachangu kuposa mmene ndimalowetsera ulusi m'singano. Ndinamva ngati ndagwira ntchito yabwino.

Chimene chinandibweza ndi kansapato kaja. Ndinali nditakaona pamene ndimadina, koma mutu unachedwa kulandira. Anthu otumidwa aja sakhala ndi zithunzi. Ndipo sanena za apongozi.

Ndinayamba kukokera makomenti pansi kuti ndione a m'mbuyo, atsopano akundikankha chala. Ndinadutsa mitengo, nthabwala, moni wa anthu ongolowa kumene. Ndinaipeza patali ndithu, komenti imene inadutsa ndikuwerenga za wina: "Chikasu chikukanika, ndawonjezera bulitchi m'ndowa ya Mkulu kuti zilimbe." Pansi pake panali inanso: "Ndatseka chitseko mwana asalowe."

Kunena zoona, sindinadziwe kuti ndawerenga chiyani. Ine ndimadziwa nsalu. Ndinangoona kuti ndalakwira kasitomala, ndiye ndinanena ndi mawu wamba.

"Aneba, wa apongozi uja akuti wathira bulitchi mu Mkulu."

Burashi inagwera m'mbale ya chimbudzi ija. Aneba anatembenuka n'kundiyang'ana, kamera ataiiwala.

"Mwati chiyani?"

"Akuti wasakaniza. Bulitchi ndi Mkulu, m'ndowa."

"Ali kuti?"

"M'bafa. Akuti watseka chitseko."

"Walemba liti zimenezo?"

Komenti sionetsa nthawi, koma ndinakumbukira kuti chidutsireni imeneyo tinali titayeretsa matailosi awiri.

Aneba anavula golovesi limodzi ndi mano, n'kusendeza nkhope pafupi ndi foni mpaka inadzaza sikirini yonse. Mawu amene anatuluka sanali a Anti a Sopo. Anali otsika, ouma.

"Mtima Pansi, ndimvereni. Siyani chilichonse. Musathire madzi, musakweche, musatole kanthu. Tulukani m'bafamo tsopano lino. Zimene mwasakanizazo zikutulutsa mpweya wakupha. Tulukani, mupite panja penipeni. Mukatuluka lembani chilembo chimodzi chokha."

Tinadikira. Makomenti anayamba kuthamanga: chachitika n'chiyani, ndani ameneyo, Anti mukutiopsa. Ya Mtima Pansi panalibe.

"Bwanji sakuyankha?" aneba anafunsa, maso ali pafoni.

Ndikanatha kukhala chete. Ndikanatha kumutsegula mwakachetechete, wina aliyense osadziwa. Ndinaganizadi zimenezo, ndipo ndikuchita nazo manyazi mpaka lero. Koma aneba anafunika kudziwa kuti chete ameneyu wayamba liti.

"Ndinamutseka pakamwa," ndinatero. "Analemba katatu kuti akutsamwa. Ndimayesa ndi anthu aja."

Anthu oposa zana anamva mawu amenewo. Aneba sanandiyang'ane n'komwe.

"Mutsegulireni."

Ndinalowa malo olakwika kawiri ndisanapeze mndandanda wa otsekedwa. Munali dzina limodzi lokha. Ndinalichotsa.

"Ndatsegula."

"Mtima Pansi, mukhoza kulemba tsopano. Chilembo chimodzi, mwana wanga."

Palibe chinabwera.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti sitikumudziwa. Tinkadziwa kansapato ndi mawu awiri. Dzina lake lenileni, nambala yake, kumene amakhala, zonsezo zinali m'mauthenga a maoda, m'foni ya aneba, foni yomweyo imene inali pa kamtengo. Ndipo kumeneko anthu salemba mayina a pa TikTok. Ndinati, "Tatulukani mu layivu tione maoda a dzulo."

"Ayi. Ndikatuluka layivu iima. Ngati ali pansi m'bafamo, chimene akumva ndi mawu anga okha. Imbirani Malume."

Malume a Njinga ndi bambo wachikulire amene amaperekera katundu wa aneba pa njinga yamoto. Oda iliyonse aneba amawatumizira nambala ndi malo. Ndinatuluka mu layivu pafoni yanga n'kuimba. Inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso. Kumbuyo kwanga aneba anali kubwereza mawu omwe aja, tulukani, musathire madzi, tulukani, ngati munthu wogogoda pachitseko cha nyumba imene sakudziwa ngati muli anthu.

Kachitatu Malume anayankha, phokoso la magalimoto lili kumbuyo.

"Atelala, ndili pamsewu. Diresi la akazi anga lija latha?"

"Malume, imani kaye. Dzulo munapereka katundu kwa anthu angati?"

"Asanu ndi anayi. Wina wadandaula?"

"Pali mayi wa mwana wamng'ono. Anatenga Mkulu. Apongozi ake akubwera mawa."

"Amayi a ana aang'ono analipo atatu kapena anayi. Mayi wopanda mwana ndi uti masiku ano?"

"Malume, munthu akufa m'bafa. Kumbukirani."

Injini inazima. Ndinamva akupuma.

"Apongozi," anatero pang'onopang'ono. "Alipo wina, kuseri kwa malo ocheka matabwa kuja, geti lobiriwira. Anatuluka ndi mwana wokwawa m'manja. Anandifunsa ngati mankhwalawo amagwiradi, akuti amayi a bambo akunyumba amapaka chala pakhoma. Ndinamuseka. Nambala yake ndili nayo, ndimuimbire?"

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Kenaka ndinayang'ana aneba, pakamwa pawo pali pafupi ndi foni.

"Musaimbe. Foni ikalira idula mawu a aneba. Pitani. Ndi patali bwanji?"

"Ngati pamphambano palibe mzere, mphindi khumi ndi zisanu."

"Mukafika musalowe m'bafamo ndi mphuno yotsegula. Tsegulani zitseko zonse."

Nditabwerera mu layivu ndinapeza oonera ali mazana anayi. Anthu anali kuitanana. Nambalayo inkakwera ndikuiona, ndipo makomenti ankadutsa mothamanga moti dzina lililonse likanatha kumira. Ena ankalemba kuti amwe mkaka. Ena ankati athire madzi otentha. Wina analemba kuti ndi sewero lofuna kukweza malonda. Wina anatumiza mphatso, duwa lofiira n'kutulukira pambali pa nkhope ya aneba, kenaka lina, kenaka lina. Pakati pa zonsezo panali mayi wina wodzitcha Namwino wa Ana, amene analemba mawu omwewo kangapo: atuluke kumphepo, akhale tsonga, asamwe kanthu, atsuke maso ndi madzi oyera, apite kuchipatala. Ndinachotsa nambala ya maoda n'kupina komenti yake.

"Tamverani nonse," aneba anatero. "Ndikupempha. Chotsani zala pafoni. Musalembe, musadine mitima, musatumize kanthu. Ndikufuna kumva munthu mmodzi."

Sindinkakhulupirira kuti anthu mazana asanu angamvere. Poyamba zinaipiraipira, aliyense akulemba kuti khalani chete, khalani chete. Kenaka zinayamba kuchepa. Mitima inaphwa. Makomenti anatsala amodziamodzi, ndipo amene ankapitiriza ndinawatseka masekondi makumi atatu okha, ndikuwerenga kaye liwu lililonse. Sikirini inaima. Pakhonde pathu pankamveka mpopi ukudontha ndi wailesi ya nyumba yachitatu.

"Mtima Pansi, ngati simungathe kulemba, ingogundani foniyo ndi chala. Paliponse. Gundani kawiri."

Masekondi aja ochedwa ndinkawadziwa bwino, koma tsikulo anatalika. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi ndi ziwiri. Ndiye pakona ya sikirini panakwera kamtima kamodzi. Kanakwera mopendama n'kuzimirira. Kenaka ena awiri.

"Angakhale aliyense," ndinanong'ona.

"Ndikudziwa."

Aneba anatambasula dzanja n'kudina pamene amaitanira alendo kuti alankhule nawo mu layivu. Sankakonda kuchita zimenezi, ankati mlendo amadya nthawi ya malonda. Anayendetsa chala pa mndandanda wa oonera, milomo ikuyenda, mpaka anapeza kansapato.

"Ndakuitanani. Pafoni panu patuluka batani. Pukutani chala pa chovala, chikakhala chonyowa siligwira. Dinani batanilo."

Kuitana koyamba kunatha popanda yankho. Anaitananso. Ndinali nditaimirira osadziwa kuti ndaimirira liti, tepi yoyezera ili m'khosi, ndikuikoka mpaka kundipweteka.

Sikirini inagawika. Mbali ina kunali aneba, mbali ina kansapato kaja, popanda chithunzi choyenda, mawu okha. Choyamba kumveka chinali madzi akutuluka pampopi mwamphamvu. Kenaka chifuwa. Sindinamvepo chifuwa chotero: chouma, chothina, chokoka mpweya ngati ukudutsa pa kabowo ka singano. Ndipo chapatali pang'ono, kuseri kwa thabwa, mwana akulira ndi kumenya chitseko ndi timanja.

"Ndakumvani," aneba anatero. "Muli moyo. Tsegulani chitseko mutuluke."

Chifuwa chinapitirira. Kenaka mawu, amodziamodzi, ngati akuwakoka pachitsime.

"Mwana... ali... pachitseko."

Ndipamene tinamvetsa. Mayiyo ankamva zonse kuyambira pachiyambi. Sanatuluke chifukwa ankaopa kuti akatsegula, mpweyawo ugwera mwana amene anakhala pansi kuseri kwa chitsekocho. Ndiye ankathira madzi kuti aumalize yekha m'katimo. Ndipo funso loti atsegule chitseko kapena ayi ayenera kuti anayesa kulilemba pa nthawi imene ine ndinali nditamutseka.

"Mverani, mayi," aneba anatero, mawu ali phee ngati akufotokoza za sinki. "Mukagwa m'menemo, mwanayo atsala yekha pachitsekopo, ndipo mpweya ukudutsa kale pansi pa chitseko. Madziwo sathandiza. Tsegulani, mumunyamule, mukoke chitseko kumbuyo kwanu, muthamangire panja. Foni isiyeni. Ndiwerenga mpaka katatu. Kamodzi."

Chifuwa.

"Kawiri. Dzanja likhale pa loko."

Chinachake chinagwa, mwina ndowa.

"Katatu. Tsegulani."

Tinamva chitsulo chikukwekwesa, chikukana, kenaka n'kugonja. Kulira kwa mwana kunakwera mwadzidzidzi, pafupi kwambiri. Mapazi onyowa pasimenti. Chitseko chinamenya. Kulira kuja kunayamba kutalikira, chifuwa chikutsatira, ndiye kunamveka kugunda kolemera, ngati thumba lagwa, sitinadziwe kuti ndi chitseko china kapena munthu. Pambuyo pake kunatsala madzi okha.

Madzi amenewo tinawamvera kwa mphindi zisanu ndi zinayi. Oonera anafika mazana asanu ndi anayi, ambiri a iwo ali chete, akumvera mpopi wa m'nyumba imene sakuidziwa. Aneba anakhala pansi pasimenti, golovesi limodzi lidakali kudzanja. Sanasiye kulankhula, ngakhale tonse tinkadziwa kuti m'bafamo mulibenso womva. Kenaka anayamba kuuza oonerawo.

"Amene munagula kwa ine, tamverani. Chivindikiro chofiira ndi choyera zisakumane. M'ndowa, m'chimbudzi, pansi, paliponse. Mukagwiritsa chimodzi, tsukuluzani ndi madzi ambiri, chinacho mudzagwiritse tsiku lina. Ndipo zenera ndi chitseko zizikhala zotsegula. Ine ndimakwecha pakhonde pano, pali mphepo, n'chifukwa chake simunandionepo ndikutsokomola. Ndinayenera kukuuzani kalekale."

Wina analemba kuti, nanga bwanji simunanene? Ndinazengereza, kenaka ndinawerenga mokweza.

"Ndinkaopa kuti muthawa," anayankha.

Mwana wawo uja anatulukira pakona ya nyumba, akuchokera kosewera, n'kuima kuyang'ana mayi ake ali pansi. Ndinamukodola kuti abwere kwa ine. Anamvetsera foniyo pang'ono n'kufunsa kuti ndani wasiya mpopi osatseka. Ndinangomugwira paphewa.

Foni yanga inalira. Ndinaika mawu pamwamba kuti aneba amve, ndipo anamva ndi onse a mu layivu.

"Ndafika," anatero Malume, akupuma mothamanga. "Geti ndi lomwelo. Ali pabwalo, wagwera pa masitepe. Akupuma, koma movutika, maso atupa. Mwana ali bwino, akungolira, amunyamula mayi a nyumba yoyandikana. Iwowa akuti anamva kulira koma amayesa mwana akukana kusamba."

"Mukhazikeni tsonga," ndinawerenga komenti yopinidwa ija. "Musamumwetse kanthu. Maso atsukeni ndi madzi oyera. Apite kuchipatala pompano, ndipo mukanene zimene wasakaniza."

"Panjinga sangakhale. Pali bambo wa galimoto ya matabwa, akuitembenuza. Koma fungo lake, atelala, likundipeza pageti pano."

"M'nyumbamo musalowe munthu."

Aneba anadzuka, n'kuyang'ana foni yawo kwa kanthawi. Mbali ina ya sikirini madzi anali akutulukabe. Anachotsa mlendoyo, anauza anthu kuti lero malonda palibe, n'kutseka layivu.

Mtima Pansi anagona kuchipatala masiku atatu, awiri oyambawo ali ndi chopumira kumphuno. Tinapita kukamuona Lolemba. Ndinkayembekezera munthu wamkulu, koma pabedipo panali mtsikana wochepa thupi, wa zaka mwina makumi awiri ndi ziwiri, tsitsi lomangidwa ndi kansalu. Pambali pake panakhala mayi wina wojintcha, mwana ali pamiyendo. Anali apongozi aja. Anatiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndinu a mankhwala?"

"Ndife," aneba anayankha.

"Botolo lopanda ngakhale chilembo. Ine ndinayesa madzi akumwa nditalipeza pakhonde. Mukanapha anthu awiri, mwina atatu."

Aneba sanadziteteze. Anangoti, "N'zoona, amayi."

Mtsikanayo ankalankhula monong'ona, mawu atasasa. Anagwira dzanja la aneba n'kunena kuti mawu awo ndi amene anamutulutsa. Kenaka anati, "Ndinalemba kambirimbiri kufunsa za chitseko. Zimangokana kupita. Ndimayesa netiweki."

Aneba anandiyang'ana pang'ono n'kuyang'ana kumbali. Anandisiyira ndekha kuti ndisankhe.

"Sinali netiweki," ndinatero. "Ndine ndinakutsekani. Ndimayesa ndinu wa anthu onyoza malonda. Sindinawerenge zimene munalemba poyamba."

Mtsikanayo anandiyang'ana ndi maso ake ofiira. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindinamupemphe kuti atero. Anangofunsa kuti, "Mphindi zingati?"

"Ndinasankha zisanu. Zinakwana mwina zinayi."

Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa mwana wake.

Sabata imeneyo pakhonde pathu panali zii. Aneba ankatuluka m'mawa ndi Malume, kuyendera aliyense amene anagulapo, kumata mapepala pamabotolo. Mapepalawo ndinalemba ndine, ndi zilembo zazikulu, chifukwa dzanja langa limawerengeka. Tinkapatsana moni, tinkabwerekana machesi, koma za Loweruka lija sitinkazikhudza. Ndikamasoka ndinkamva mpopi wathu ukudontha, ndipo ndinkadzuka kukaumanga ndi chingwe.

Lachisanu madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinawapeza akutsuka matailosi aja n'kuwaimika pakhoma. Kamtengo ka foni kanali pambali.

"Mawa mubwerera?" ndinafunsa.

"Ndibwerera. Ana adya chiyani? Komanso pali ena anagula kudzera mwa anzawo, Malume sakuwadziwa. Amenewo ndingawapeze pomwepo basi." Anafinya chiguduli. "Mpando wanu uli pomwe uja."

"Pezani wina, aneba. Chala changa ndachiopa."

"Wina adzachita zomwezo, chifukwa lamulo lija tinapanga ndi ine. Inu munangodina. Ine ndinaona mnzanga akugwa m'bafa la hotela ndi mpweya womwewu, zaka khumi zapitazo. Ndinkadziwa, ndipo ndayeretsa matailosi awa Loweruka lililonse osanena."

Ndinakhala pa mpando wa makina. Madzi akuda ankatsetserekera kungalande.

"Anthu aja akabweranso?" ndinafunsa. "Opanda zithunzi aja?"

"Abwere. Muziwerenga."

"Ngakhale akutukwana?"

"Zotukwana amayi anga muzidumpha. Koma wina akati chikumuwawa, kaya akunama kaya akunena zoona, ndimve ndi makutu anga."

"Oonera adzatsika."

"Atsike."

Anapukuta dzanja pa chovala chawo n'kulitambasula. Linali lozizira, lokhakhala ndi sopo.

"Ine ndikulonjeza," anatero, "kuti botolo lisanatsegulidwe, mawu oyamba azikhala a chofiira ndi choyera, ndipo ndiziwabwereza pa tailosi iliyonse, ngakhale atsale anthu atatu. Nanga inu?"

"Ine sindidzatseka munthu pakamwa ndisanabwerere m'mbuyo kuwerenga zonse zimene walemba, n'kukuuzani mokweza."

"Ngakhale layivu ili pamoto?"

"Ngakhale ili pamoto."

"Ndiye mawa mufike msanga, aneba. Ndipo tepiyo muzivula m'khosi, mudzadzipotokola nayo."